Domeni isakutayikeni: kuisiya kwa wokonza webusaiti, kuiikira malipiro odzichitikira okha, kapena kulipiriratu zaka

Anzanga amene ali ndi mabizinesi ang'onoang'ono ndi ena amene amayendetsa mabungwe akhala akundifunsa funso limodzi lomwelo, lakuti njira yodalirika yosungira domeni, dzina limene webusaiti ndi maimelo awo amapezekera pa intaneti, kuti isathe ntchito ndi iti. Njira zimene anthu amagwiritsa ntchito zilipo zitatu. Ena amasiya zonse m'manja mwa munthu amene anawakonzera webusaiti, ena amatsegula akaunti yawoyawo n'kuyatsa `Auto-Renew` kuti ndalama izidulidwa yokha pakhadi chaka chilichonse, ndipo ena amalipiriratu zaka zingapo nthawi imodzi. Ndisabise maganizo anga: njira yoyambayo ndimadana nayo, yachiwiri ndi yabwino koma anthu amaikhulupirira mopitirira muyezo, ndipo yachitatu ndi imene ndimaikonda ikaphatikizidwa ndi yachiwiri.

Kuti kuyerekezaku kumveke, tiyenera kuona kaye zimene zimachitikira domeni ya `.com` tsiku lake likadutsa, chifukwa ndi pamene pabisala ndalama imene ambiri saidziwa. Titenge domeni imene ikutha pa 10 Malichi. Malamulo a bungwe la ICANN loyang'anira maina a pa intaneti, amene anayamba kugwira ntchito mu 2013, amafuna kuti kampani imene munalembetsako ikutumizireni chikumbutso kutatsala pafupifupi mwezi umodzi, china kutatsala mlungu umodzi, ndi chinanso pasanadutse masiku asanu domeniyo itatha. Tsikulo likadutsa musanalipire, kampaniyo ikhoza kusunga dzinalo kwa masiku osapitirira 45, kutanthauza mpaka pa 24 Epulo, ngakhale makampani ambiri sadikira mpaka pamenepo. M'nyengo imeneyi webusaiti imasiya kuoneka ndipo maimelo amasiya kufika, koma kawirikawiri mukhoza kulipira mtengo wa masiku onse, umene kumakampani ambiri uli pakati pa madola 10 ndi 20 pachaka. Kampaniyo ikalichotsa dzinalo, limalowa m'masiku 30 a kuwombola, ndipo apa mtengo umadumpha: makampani ambiri amafuna madola 80 kapena kuposerapo, kuwonjezera pa ndalama ya chaka. Masiku amenewa akatha pamatsala masiku asanu amene palibe angachitepo kanthu, kenako dzinalo limamasulidwa kuti aliyense alitenge. Pamasiku a chitsanzo chathuchi, ngati kampani inadikira masiku onse 45, kuwombola kutha pa 24 Meyi ndipo dzinalo likhala la aliyense cha pa 29 Meyi. Makampani ena amagulitsa pamsika wopikisana maina amene atha ntchito asanafike n'komwe pa nyengo yowombola, choncho masiku amenewa si lonjezo. Madomeni a mayiko, monga `.mw`, `.zm` ndi `.co.za`, ali ndi malamulo awoawo, ndipo muyenera kufunsa kumene munalembetsa.

Njira yosiyira wokonza webusaiti imakopa chifukwa ndi yopepuka. Mumam'patsa makwacha kapena kumutumizira pafoni, iye n'kulipira madola ndi khadi lake, inu osavutika ndi za kubanki. Vuto lake ndi lakuti domeni ndi ya amene dzina lake linalembedwa ngati mwini wake komanso amene ali ndi akaunti, osati amene anatulutsa ndalama. Bungwe lina laling'ono limene ndimalithandiza linkalipira mokhulupirika chaka chilichonse kwa mnyamata amene analikonzera webusaiti, ndipo malisiti onse anali m'fayilo. Mnyamatayo atasamuka n'kusintha nambala, zikumbutso zonse zinkapita kuimelo yake, imene palibe ankaitsegula. Bungwelo linadziwa za vutoli pamene kalata ya opereka thandizo inabwerera kwa eni ake, ndipo pamene linkam'peza mnyamatayo n'kuti dzinalo litalowa kale m'nyengo yowombola. Ndalama yowombolerayo inawawa, koma chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti kampani yolembetsa sinkafuna kulankhula ndi bungwelo, ndipo inkachita zoyenera, chifukwa m'mabuku ake bungwelo linali mlendo. Malisiti amene anali m'fayilo ankangosonyeza kuti bungwe linalipira munthu, osati kuti linali ndi domeni.

Sindikunena kuti okonza mawebusaiti ndi akuba, ambiri amachita zimenezi pofuna kuthandiza kasitomala. Koma munthu amadwala, amasamuka, amasiya ntchitoyo, ndipo nthawi zina mumasemphana pa ngongole ina n'kupeza kuti dzina la bizinesi yanu lasanduka chikole. Ngati domeni yanu ili m'manja mwa wina lero, pemphani zinthu ziwiri mudakali paubale wabwino. Choyamba, malo olembedwa `Registrant Organization` akhale ndi dzina la bungwe lanu monga momwe lilili pachikalata cholembetsera, ndipo `Registrant Email` ikhale imelo imene inuyo mumatsegula. Chachiwiri, domeniyo isamutsidwire kuakaunti yanu. Ngati nonse muli pakampani imodzi, kusamutsako kumachitika mkati momwemo ndipo kawirikawiri n'kwaulere. Ngati mukupita kukampani ina, mnzanuyo ayenera kuchotsa loko ndi kukupatsani nambala yachinsinsi yotchedwa `Auth Code` kapena `EPP code`, ndipo kusamukako kumatenga pafupifupi masiku asanu mpaka asanu ndi awiri. Musachite zimenezi m'mlungu womaliza, ndipo dziwani kuti kusintha dzina la mwini kukhoza kutseka domeni kwa masiku 60 kuti isasamuke, choncho ngati mukufuna zonse ziwiri ndi bwino kuyamba ndi kusamutsa. Wokonza webusaiti safunikira pasiwedi yanu kuti agwire ntchito yake. Makampani ena amalola kuti mum'patse chilolezo chongosintha DNS basi, imene imalozera domeni kumene kuli webusaiti ndi maimelo.

Njira yachiwiri, ya akaunti yanuyanu yokhala ndi `Auto-Renew`, imathetsa nkhani ya umwini, koma anthu amaiwala kuti kabatani kameneka kamangolamula kampani kuti iyese kudula ndalama pakhadi. Kuyesako kukhoza kulephera. Khadi limatha ntchito pakapita zaka zingapo, banki imakupatsani lina la nambala yatsopano, ndipo lakale ndi limene limatsala muakaunti. Kwa ife a kuno ku Malawi pali vuto lina loonjezera, la kusowa kwa ndalama zakunja: khadi limene linalipira madola bwinobwino chaka chatha likhoza kukanidwa chaka chino chifukwa banki yatsitsa malire a malipiro akunja, ngakhale muakaunti muli makwacha okwanira. Vutoli silisankha ang'onoang'ono okha. Mu Julayi 2017 kampani ya ku America ya Marketo, imene ntchito yake yonse ndi ya pa intaneti, inaona domeni yake yaikulu itatha ntchito malipiro odzichitikira okha atalephera, ndipo makasitomala ake anavutika kulowa. Amene akusankha njirayi adziwe tsiku limene kampani yake imadula ndalama, chifukwa ena amadula kutatsala mwezi pamene ena amadikira tsiku lenilenilo, ndipo aike khadi lachiwiri kapena asungitse ndalama pang'ono muakaunti ya kukampaniyo ngati imalola.

Pali msampha wina umene umapusitsa ngakhale anthu osamala. Mukafuna kutsimikiza ngati domeni yalipiridwa, mukhoza kufufuza pa `lookup.icann.org` kapena kulemba lamulo ili, mutaika domeni yanu m'malo mwa `example.com`:

```
whois example.com
```

Mzere wa `Registry Expiry Date` ukhoza kusonyeza chaka chamawa ngakhale inu simunalipire, chifukwa Verisign, imene imasunga kaundula wa `.com`, imawonjezera chaka yokha tsiku likakwana, ndipo imabwezera kampani imene munalembetsako ndalama ya chakacho ngati yachotsa dzinalo m'masiku 45 aja. Choncho onani mzere wa `Domain Status`. Mukaona `autoRenewPeriod`, musakhazikike mtima mpaka mutaona lisiti ndi tsiku latsopano muakaunti yanu. Mukaona `redemptionPeriod`, mwalowa kale pamtengo wowombola, ndipo `pendingDelete` ikakhala yokha ndiye kuti masiku asanu omaliza ayamba. Koma `clientTransferProhibited` isakuopseni, imeneyo ndi loko yabwino yoletsa wina kusamutsa domeni yanu.

Kulipiriratu zaka ndi njira imene ndimalangiza aliyense amene dzina lake lasindikizidwa kale pamakalata, pazikwangwani ndi pamagalimoto. Domeni ya `.com` mukhoza kuilipirira mpaka zaka khumi kutsogolo. Ubwino wake ndi wakuti mumalimbana ndi banki kamodzi m'malo molimbana nayo chaka chilichonse, ndipo mumatseka mtengo wa lero. Amene analipiriratu zaka zisanu kwacha isanatsike ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anapindula poyera. Kuipa kwake kulipo kuwiri. Ndalama yake siibwezedwa mukasintha maganizo, ndipo zaka zisanu n'zokwanira kuti amene anatsegula akauntiyo achoke pantchito ndipo otsala aiwale kuti domeni imalipiridwa. N'chifukwa chake sindidikira kuti zakazo zithe. Ndimalipira zaka zitatu kapena zisanu, ndimasiya `Auto-Renew` ili yoyatsa, ndipo chaka chilichonse pamwezi womwewo ndimalowa muakaunti n'kuwonjezera chaka chimodzi. Khadi likakanidwa chaka chimenecho ndimakhala ndi zaka zoti ndikonze vutolo, ndipo kulowako kumatsimikiza kuti pasiwedi ikugwirabe ntchito.

Njira ziwiri zomalizazi zimadalira kuti muzitha kulowa muakaunti, choncho kasungidwe ka pasiwedi kamalowa m'chigamulo. Kuisunga mubulawuza ya kompyuta imodzi ya muofesi sindikuvomereza, chifukwa kompyutayo ikabedwa kapena ikafa zonse zapita. Kutumizirana pa WhatsApp n'koipa kuposa pamenepo. Pulogalamu yosungira mapasiwedi monga Bitwarden, imene imalola anthu awiri kugawana malo amodzi, kapena KeePassXC, imene imasunga fayilo yotsekedwa pakompyuta yanu popanda intaneti, ndi yabwino kwambiri, bola anthu awiri a udindo akhale ndi njira yolowera. Pepala nalonso lili ndi malo ake. Mukayatsa chitetezo chachiwiri, chija chofuna nambala yosinthasintha polowa, makampani ambiri amakupatsani manambala opulumukira. Asindikizeni, muwaike muenivelopu yomata pamodzi ndi dzina la kampani yolembetsa ndi tsiku lothera domeni, ndipo musunge mmene mumasunga zikalata za malo. Pachitetezo chachiwirichi ndimakonda pulogalamu ya pafoni kuposa uthenga wa SMS, chifukwa nambala ya foni ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito kampani ya mafoni imatha kuipereka kwa munthu wina.

Imelo imene mwalembetsera akauntiyo isakhale ya padomeni yomweyo. Ngati domeni ndi `example.com` ndipo imelo ya akaunti ndi `info@example.com`, tsiku limene domeniyo idzazimitsidwe imeloyo idzazima nayo, ndipo chikumbutso chomaliza pamodzi ndi uthenga wosinthira pasiwedi zidzapita kubokosi limene silikulandiranso makalata. Tsegulani imelo yapadera kwina, ya bungwe osati ya wantchito mmodzi, muisunge mupulogalamu yomweyo ya mapasiwedi, ndipo muikonze kuti izitumiza makalata ochokera kukampani yolembetsa kwa anthu awiri aja.