ATmega328P ndi STM32F103: detashiti iti yomwe imakuyankha msanga?

Mwezi wa Juni kuno ku Mzuzu kumazizira moti bokosi loswera mazira likangotaya kutentha usiku umodzi, mazira onse apita. Azakhali anga a ku Chibavi atandipempha kuti ndiwakonzere bokosi lotere, ntchito yake inali yaing'ono: kutentha kukhale pafupi ndi madigiri 37.5, babu lotenthetsera liziyaka ndi kuzima kudzera pa rile, ndipo pakhale kachopotokola kosinthira mlingo. Ndinali ndi mabolodi awiri m'kabati, ina ya ATmega328P, ija ili pa Arduino Uno ndi Nano, ina ya STM32F103C8T6, kabolodi kabuluu kaja ambiri amati Blue Pill. Onse awiri atha kugwira ntchitoyi. Pomwe asiyana ndi pa mapepala awo, ndiye ndifotokoze mmene detashiti ya aliyense inandiyankhira mafunso atatu: mwendo uwu ungapirire zingati, umagwira ntchito yanji, ndipo ndiulamula kudzera pa rejisitala iti.

Kusiyana koyamba mukuona musanawerenge n'komwe. ATmega328P ili ndi buku limodzi. Miyendo, marejisitala ndi malire a magetsi zonse zili momwemo. STM32F103 ili ndi awiri omwe simungawathawe. Detashiti yeniyeni ili ndi miyendo ndi malire a magetsi, koma marejisitala mulibe. Amenewo ali m'buku lina lotchedwa RM0008, la masamba opitirira 1000. Ndaonapo anzanga akufufuza rejisitala ya GPIOB_CRH m'detashiti madzulo onse, kenako n'kunena kuti anatsitsa yolakwika. Sinali yolakwika, kungoti yankho lili m'buku linalo.

Ndiyambe ndi malire a magetsi, chifukwa apa ndi pomwe timawotchera ndalama. M'mabuku onse awiri muli tebulo la Absolute Maximum Ratings. Pa ATmega328P likuti mwendo umodzi 40 mA, ndipo miyendo ya VCC ndi GND 200 mA. Pa STM32F103 likuti mwendo umodzi 25 mA, ndipo zonse pamodzi pa VDD kapena VSS 150 mA. Anzanga, manambala amenewa si oti muzigwirirapo ntchito. Ndi m'mphepete mwa phompho: kupitirira pamenepo chipi chitha kuwonongeka osabwereranso, ndipo kukhala pamenepo nthawi yaitali kumachifooketsa. Nambala yogwirira ntchito ili m'matebulo otsatira, pomwe opanga akulonjeza mphamvu ya magetsi yomwe mwendo utulutse utasenza katundu wakutiwakuti.

Pa ATmega, tebulo la DC Characteristics layesedwa pa 20 mA chipi chikudya 5 V. Mwendo ukakhala m'mwamba sutsika kupyola pafupifupi 4.2 V, ukakhala pansi sukwera kupyola pafupifupi 0.9 V. Pa STM32 lonjezo labwino lili pa 8 mA, pomwe mwendo umaphonya ndi 0.4 V yokha. Mutha kukoka 20 mA, koma pamenepo kuphonyako kumafika 1.3 V, ndipo pa chipi cha 3.3 V kutaya 1.3 V ndi nkhani yaikulu.

Tsopano rile. Ija yabuluu ya SRD-05VDC-SL-C ili ndi koyilo ya pafupifupi 70 Ω. Ikani 5 V, gawani ndi 70, mupeza pafupifupi 71 mA. Palibe mwendo wa chipi chilichonse mwa ziwirizi womwe ungasenze zimenezo, choncho tiranzisita ndi yofunika konsekonse, pamodzi ndi dayodi ya 1N4007 yopingasa pa koyilo kuti imeze magetsi obwerera rile ikamazima. Chomwe mwendo ukusenza tsopano ndi besi ya tiranzisita basi. Pa ATmega, rezisita ya 1 kΩ ipereka 5 kuchotsa 0.7, kugawa ndi 1000, ndiye 4.3 mA, zokwanira kuti tiranzisita ya BC337 itsekuke yonse. Rezisita yomweyo pa STM32 ipereka 2.6 mA yokha, chifukwa mwayambira pa 3.3 V. Ine ndinatsitsa kufika 470 Ω, n'kupeza pafupifupi 5.5 mA, zomwe zikadali pansi pa 8 mA ija.

Funso lachiwiri, la miyendo, ndi lomwe linandionetsa kuti mabuku awiriwa sawerengedwa mofanana.

Tsamba la Pin Configurations la ATmega ndi chithunzi chimodzi, ndipo mwendo uliwonse walembedwa ntchito zake pambali. PB5 ndi mwendo wa nambala 19 pa chipi chachitali chija cha miyendo 28, ndi womwe Arduino imautcha D13, komanso ndi SCK ya SPI. Osamala nawo ndi ochepa: PC6 ndi RESET, PB6 ndi PB7 anatengedwa kale ndi kirisitala pa Uno, ndipo PD0 ndi PD1 ndi njira yolowetsera pulogalamu kuchokera pa kompyuta. Ena onse ndi ofanana pa nkhani ya magetsi, amalandira chilichonse mpaka VCC + 0.5 V.

Pa STM32 chithunzi sichikwanira. Muyenera kupita ku tebulo la pin definitions, n'kuliwerenga mzere ndi mzere, pamodzi ndi timawu tating'ono ta m'munsi mwake. Ndinkafuna kuika rile pa PC13, poti ndi pomwe pali kanyali ka pa bolodi, ndikanamaona ikayaka. Kamawu ka m'munsi kanandiletsa: PC13, PC14 ndi PC15 amadyera pa kaswichi kamkati komwe kamapirira 3 mA yokha, ndipo sayenera kukhala gwero la magetsi, ngakhale la kanyali. Ine ndinkafuna 5.5 mA yotuluka. Ndinayang'ana PB3, koma mzati wa Main function (after reset) ukuti JTDO. Ndiye kuti chipi chikangodzuka, PA15, PB3 ndi PB4 ndi a JTAG, njira yofufuzira zolakwika m'chipi, ndipo sakumverani mpaka mutawamasula m'rejisitala ya AFIO_MAPR. Ndinakhazikika pa PB12, yomwe ilibe chotchinga chilichonse.

M'tebulo lomwelo muli mzati wa I/O Level, ndipo ndinauphunzira mowawa. Miyendo yolembedwa FT imapirira 5 V. Yopanda chizindikirocho malire ake enieni ndi 4.0 V, ndipo pogwira ntchito isapyole VDD + 0.3 V. Chifukwa cha chizolowezi cha Arduino, kachopotokola kanga ka 10 kΩ ndinakalumikiza pakati pa 5 V ndi GND, mwendo wapakati n'kupita pa PA0. Chizindikiro choti china chalakwika chinaoneka pompo: nambala ya ADC, gawo losandutsa magetsi kukhala nambala, inkafika 4095 ndisanapotokole mpaka kumapeto, cha pa magawo awiri mwa atatu, poti 3.3 ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a 5. Kupitirira apo nambala sinkasuntha, ndipo magetsi owonjezerawo ankalowa m'chipi kudzera pa dayodi yoteteza mwendo. Nditabwerera ku tebulo ndinapeza kuti kuyambira PA0 mpaka PA7, komanso PB0 ndi PB1, kutanthauza miyendo yonse ya ADC pa chipi ichi, palibe FT ndi umodzi womwe. Ndinasamutsa waya kupita pa 3.3 V, nambala n'kuyamba kuyenda bwino kuchoka pa 0 mpaka 4095. Mwayi wanga unali woti ndinazindikira tsiku lomwelo. Koma kasikirini ka I2C kodya 5 V kanakhala bwinobwino pa PB6 ndi PB7, chifukwa amenewo ndi FT.

Apa ndiyenera kunena chilungamo: ATmega imakhululuka, STM32 imafuna munthu wowerenga. Koma tebulo la STM32 silibisa kanthu. Zonse zomwe zinandipunthwitsa zinalembedwa, ndine amene ndinalumpha mzati.

Funso lachitatu ndi la marejisitala. Kumapeto kwa buku la ATmega kuli Register Summary, pomwe marejisitala onse andandalikidwa ndi maadiresi ndi mabiti awo. Doko lililonse lili ndi atatu: DDRB imasankha kulowa kapena kutuluka, PORTB imalemba, PINB imawerenga. Adiresi ya PORTB yalembedwa 0x05 (0x25), ndipo manambala awiriwa amasokoneza ambiri. Yoyamba ndi ya malamulo a IN ndi OUT, yachiwiri ndi yomwe mumagwiritsa ntchito mukaloza rejisitalayo ngati malo a m'memole, ndipo zimasiyana ndi 0x20. Kuyatsa rile pa PB5 ndi mizere iwiri:

```c
DDRB  |= (1 << PB5);
PORTB |= (1 << PB5);
```

Mu RM0008 ulendo wake ndi wa malo atatu. Choyamba pitani ku Memory map, mupeza kuti GPIOB imayambira pa 0x40010C00. Chachiwiri pitani ku mutu wa GPIO, pomwe rejisitala iliyonse yapatsidwa mtunda wake kuchoka pa adiresiyo: CRL pa 0x00, CRH pa 0x04, BSRR pa 0x10. Mwendo uliwonse uli ndi mabiti 4, CRL isunga miyendo 0 mpaka 7, CRH isunga 8 mpaka 15. Choncho PB12 ndi wachisanu mu CRH, mabiti 16 mpaka 19. Kuti utulutse magetsi pa liwiro la 2 MHz, MODE ikhale 10 ndipo CNF ikhale 00, zomwe pamodzi ndi 0x2. Onani mzere wa Reset value: 0x44444444. Mabitiwo sayambira pa ziro, ndiye muyenera kufufuta 4 amene alipoyo musanalembe 2. Mukangowonjezera osafufuta mupeza 6, womwe ndi mwendo wongokokera pansi, sutulutsa 3.3 V, ndipo tiranzisita yanu siyaka.

Malo achitatu ndi omwe mutu wa marejisitala a GPIO sukukokerani dzanja: koloko. Doko lililonse la STM32 limadzuka lili lozima mpaka mutayatsa biti yake mu RCC_APB2ENR, ndipo ya GPIOB ndi biti 3, IOPBEN.

```c
RCC->APB2ENR |= (1 << 3);
GPIOB->CRH   &= ~(0xF << 16);
GPIOB->CRH   |=  (0x2 << 16);
GPIOB->BSRR   =  (1 << 12);
```

Mukaiwala mzere woyambawo pulogalamu ilowa bwinobwino popanda kudandaula, koma mita pa PB12 sionetsa kusintha kulikonse, ndipo zomwe mwalemba mu CRH sizikhazikika. Mukaona zimenezo musathamangire kunena kuti bolodi ndi yakufa. Yang'anani RCC kaye.

Nanga musankhe iti? Ngati ndi koyamba kutsegula detashiti, yambani ndi ATmega328P. M'madzulo awiri muzolowera kuchoka pa chithunzi cha miyendo, kupita pa rejisitala, n'kukathera pa tebulo la magetsi, zonse m'buku limodzi, ndipo zida zambiri za 5 V zomwe tili nazo m'makabati zilumikizika popanda mantha. Chongosamala ndi liwiro: 20 MHz imafuna 4.5 V kupita m'mwamba, ndipo pa 2.7 V malire ndi 10 MHz, choncho musayendetse chipi cha 16 MHz pa batire lomwe likutha. STM32F103 ndi ya pomwe mwafunadi 72 MHz, ADC ya mabiti 12 m'malo mwa 10, kapena memole ya RAM ya 20 KB m'malo mwa 2 KB, ndipo mwakonzeka kukhala ndi mabuku awiri otsekula nthawi imodzi.

Bokosi la azakhali silinkafuna chilichonse mwa zimenezo. Kutentha kwa m'bokosi kumasintha pang'onopang'ono, kuyeza kamodzi pa masekondi awiri n'kokwanira. Ndinaikamo Nano, rile pa PB5 kudzera pa BC337, kachopotokola pa PC0 ndi 5 V yake yonse. Kabolodi kabuluu ndinakabwezera m'kabati, nditamata kapepala kuseri kwake kolembedwa miyendo yonse yopanda FT.