Kulemba kashi yekha kapena kulemba ndi ngongole zomwe?

Njira ziwirizi zimasiyana pa funso limodzi: mumalemba liti m'buku? Pa njira ya kashi mumalemba tsiku limene ndalama yalowa kapena kutuluka m'manja mwanu. Pa njira inayo mumalemba tsiku limene malonda achitika, kaya wogula walipira kaya wakongola, ndipo chilichonse chimene mwawononga mumachiwerengera mwezi umene chagwira ntchito.

Tiyeni tione mwezi umodzi wa shopu imodzi. Mwapikula katundu wa 450,000 n'kulipira pompo. Mwalipiratu lendi ya miyezi itatu, 90,000. Mwagulitsa za 400,000 pa kashi, ndi za 100,000 pa ngongole yodzabwezedwa mwezi wamawa.

Buku la kashi likuti zalowa 400,000, zatuluka 540,000, ndiye mwaluza 140,000. Munthu akhoza kutaya mtima ndi shopu yomwe ikuyenda bwinobwino.

Pa njira yachiwiri, mwagulitsa za 500,000, poti ngongole ija ndi malonda ndithu. Kenako mukuwerenga katundu wotsala pa mashelefu pa mtengo umene munapikulira, n'kupeza wa 150,000. Ngati munayamba mwezi mulibe sitoko, ndiye kuti katundu amene watuluka anakudyerani 300,000. Lendi ya mwezi uno ndi 30,000 yokha. 60,000 yotsalayo ikudikira miyezi yake. Phindu likutuluka 170,000.

Shopu ndi yomweyo, mwezi ndi womwewo, koma buku lina likuti mwaluza pomwe lina likuti mwapindula. Onse awiri akunena zoona. Loyamba likukuuzani zimene zachitika m'thumba, lachiwiri likukuuzani ngati malonda akubala.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa njira yachiwiri n'chakuti phindu la 170,000 lija simungapite nalo kokapikula. Lagona m'katundu wa pa shelefu, mu lendi yolipiriratu ndi m'manja mwa okongola. Mukatapa ndalama zakunyumba podalira nambala imeneyi, mumadya mpamba osadziwa. Chizindikiro chake n'choti buku limaonetsa phindu mwezi ndi mwezi koma tsiku la oda ndalama n'kuperewera. Ndipo wokongola akathawa, muyenera kuichotsa ngongoleyo pa phindu, osaisiya m'buku ngati chuma.

Njira ya kashi nayo imanyenga mukamatenga katundu pa ngongole kwa ogulitsa pikupiku: mwezi umaoneka wonona chifukwa simunawalipire, wotsatirawo n'kuoneka woipa.

Kwa ine, ngati simukongoza, simukongola ndipo katundu sakhala masabata ambiri pa shelefu, kashi ndi yokwanira, ndipo siitopetsa. Koma ngongole zikayamba, onjezani kabuku ka okukongolani, kena ka amene mwawakongola, ndipo muziwerenga sitoko tsiku lomaliza la mwezi uliwonse. Buku la kashi musalisiye, chifukwa ndi limene lidzakuuzeni ngati mungakwanitse oda yotsatira.