Tsiku la bokosi la mafunso, patapita miyezi ingapo

"Aphunzitsi, tsiku la bokosi la mafunso munalengeza lija likuchitikabe? Ndikufuna kuliyambitsa m'kalasi mwanga."

Likuchitika ndithu, aphunzitsi anzanga, ndipo ana sangandilole kulidumpha. Koma chimene chalisunga mpaka lero si bokosilo, lomwe ndi katoni wamba woboola pamwamba. Ndi mawu a chilengezo, amene akadali pakhoma pafupi ndi bolodi:

"Lachisanu lililonse, pa phunziro lomaliza, tidzayankha mafunso a m'bokosi. Funsani za phunziro lililonse kapena chilichonse chimene mumadabwa nacho, funso limodzi pa kapepala kamodzi. Dzina lembani ngati mukufuna. Bokosi ndimalitenga Lachitatu poweruka. Funso lonyoza munthu silidzawerengedwa. Kapepala koonetsa kuti wina akuzunzidwa sindidzakawerenga pagulu, koma sindidzakhala nako chete."

Mzere wa Lachitatuwo ndi umene ndimaudalira kwambiri. Mukauza ana kuti afunse chilichonse, amafunsadi chilichonse: nyenyezi, magazi, malamulo a mpira, chimene chimachititsa kuti munthu azilota. Palibe mphunzitsi amene angatsegule bokosi pamaso pa kalasi n'kuyankha zonsezo molondola. Masiku awiri apakatiwo ndimasankha mafunso, kuphatikiza ofanana, kufufuza m'mabuku ndi kufunsa anzanga a maphunziro ena. Pa mphindi 40 mafunso anayi kapena asanu ndi amene amayankhika bwino. Otsalawo ndimalemba yankho lalifupi kuseri kwa kapepala n'kumata pakhoma, chifukwa mwana amene funso lake lasowa kawiri salembanso.

Kapepala kena kanali ndi funso ili, m'zilembo zopendekera za pensulo: "Bwanji mphezi timayamba taiona, kugunda kumabwera pambuyo?" Yankho la pakamwa ndi lalifupi. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, pamene phokoso mumpweya limayenda mamita pafupifupi 340 okha pa sekondi. Koma nambala ziwirizi ana amangozilemba m'kope osazimva, choncho Lachinayi ndinapeza matabwa awiri ndi kuyeza mtunda pabwalo.

Lachisanu tinatuluka. Mnyamata mmodzi anakaima kutali, mamita ngati 170, n'kumenyetsa matabwawo pamwamba pa mutu wake. Tonse tinaona matabwa akukumana kuli zii, kenako "pha!" patadutsa theka la sekondi. Ena anakana, amvekere mnzathuyo akutinamiza, mpaka tinasintha womenya. Titabwerera m'kalasi tinawerengetsera limodzi pabolodi: ngati phokoso limayenda mamita 340 pa sekondi, kilomita imodzi limaimaliza pa masekondi pafupifupi 3. Ndiye ukaona kung'anima n'kuwerenga masekondi 9 bingu lisanamveke, mpheziyo yagwa pa mtunda wa makilomita ngati 3. Ndinawachenjezanso kuti kuwerengako kuzichitikira m'nyumba, chifukwa bola ukumva kugunda, mphezi ikhoza kukufikira. Funso limodzili linadya theka la nthawi yathu, ndipo sindinadandaule. Sabata yotsatira m'bokosi munagwa mafunso obadwa pa lomweli, monga lofunsa chifukwa chake mawu amabwerera ukakuwa pafupi ndi phiri.

Pamenepo ndi pamene mungadziwire ngati bokosi lili moyo: mafunso atsopano amachokera pa mayankho akale. Likayamba kufa, tipepala timachepa, ndipo timene tabwera timakhala tokopera m'notsi, monga "Tchulani mitundu itatu ya nthaka." Apo ana ayamba kuliona ngati mayeso. Nthawi zambiri chimayambitsa ndi kuyamikira mafunso "anzeru" okha, kapena kulola kalasi kuseka funso la mnzawo. Ine ndimawerenga funso lililonse ndi mawu ofanana, ndimakonza kalembedwe mwakachetechete powerenga, ndipo kapepala sindikakweza m'mwamba, popeza ana amadziwana zilembo kuposa mmene timaganizira.

Chimene sichinandikhutiritse ndi nkhani ya mayina. Kusalemba dzina kumamasula ana amanyazi, ndipo atsikana amene sanakwezepo dzanja amafunsa za kusintha kwa thupi lawo mosaopa. Koma tsiku limene mudzapeze kapepala konena kuti munthu wamkulu akumugwira mwana mosayenera, kopanda dzina, mudzaona malire ake. Musafufuze poyerekeza zilembo m'makope pamaso pa ana. Kaperekeni tsiku lomwelo kwa ahedi kapena kwa amene amaona za chitetezo cha ana pasukulu panu, ndipo Lachisanu mungouza kalasi yonse nthawi ndi malo amene aliyense angakupezeni panokha. N'chifukwa chake mzere womaliza wa chilengezo muuwerenge mokweza tsiku loyamba lenilenilo, kuti mwana adziwe chimene chidzachitike ndi kapepala kake asanakaponye. Ndipo musanamate chilengezocho, khalani pansi ndi ahedi mugwirizane amene azilandira tipepala totere.