Miyezi khumi ndi domeni yanga ndi setifiketi yaulere ya HTTPS

Mu Januwale 2025 ndinamukonzera mchemwali wanga webusaiti ya bizinesi yake yosoka madiresi a chitenje. Ndinagula domeni, ndinalipira seva yaing'ono ya Ubuntu yokhala ndi nginx, pulogalamu yoperekera masamba a webusaiti, ndipo setifiketi ya HTTPS, imene imabweretsa loko woonetsa kuti tsamba ndi lotetezeka, ndinaipeza mwaulere ku bungwe la Let's Encrypt kudzera pa pulogalamu ya Certbot. Tsopano patha miyezi khumi, ndipo ndinganene kuti njirayi ndi yabwino, ndingaisankhenso. Koma tsiku loyamba silikuuzani zambiri. Ntchito yanu imayesedwa pa tsiku la 60, setifiketi ikamafuna kukonzedwanso inu muli kotanganidwa ndi zina.

Kukhazikitsa kunanditengera madzulo amodzi. Pofotokoza pano ndigwiritsa ntchito dzina ndi maadilesi achitsanzo chabe. DNS ndi imene imalumikiza dzina la webusaiti ndi adilesi ya seva, ndipo pa tsamba lake la kumene ndinagula domeni ndinalemba mizere itatu:

```
@     A      203.0.113.10
@     AAAA   2001:db8::10
www   CNAME  example.org.
```

Mzere wa `A` umauza foni kapena kompyuta adilesi ya seva ya mtundu wa IPv4. Wa `AAAA` umachita zomwezo koma pa IPv6, mtundu watsopano wa maadilesi ataliatali. Wa `CNAME` umangonena kuti wofuna `www` atsatire dzina lalikulu. Nditaona kuti dzinalo likufikadi pa seva, ndinalamula izi:

```
sudo certbot --nginx -d example.org -d www.example.org
```

Pasanathe mphindi ziwiri loko anaoneka pa foni, ndipo sindinalipire ngakhale tambala. Kwa ife amene kulipira chilichonse m'madola kumafuna kuthamangathamanga kubanki, zimenezi si zazing'ono.

Setifiketi yangayo inali ya masiku 90. Certbot imadzuka yokha kawiri pa tsiku, ndipo ikaona kuti kwatsala masiku 30 imapempha yatsopano. Asanakupatseni, a Let's Encrypt amayamba atsimikiza kuti dzinalo lili m'manja mwanu. Seva yanu imaika kafayilo pa `/.well-known/acme-challenge/`, iwo n'kufunsa DNS kuti dzinalo likuloza kuti, kenaka n'kubwera pa poti 80, khomo la seva la HTTP wamba, kudzakawerenga. Akakapeza, basi mwapatsidwa. Mu Malichi ndi mu Meyi zonsezi zinachitika ine osadziwa n'komwe.

Vuto linayamba mu Juni, ndipo mwini wake ndine. Ndinasamutsira webusaiti pa seva ina yokulirapo. Ndinakopera mafayilo onse pamodzi ndi foda ya `/etc/letsencrypt`, choncho setifiketi ya mu Meyi inapitiriza kugwira ntchito pa seva yatsopano. Ndinasintha mzere wa `A`, ndinatsegula tsambalo pa foni yanga, zonse zinali bwino. Mzere wa `AAAA` ndinauiwala, unatsala ukuloza seva yakale. Yakaleyo sindinaizimitse, poti ndinali nditailipiriratu mpaka kutha kwa chaka.

Chizindikiro choyamba chinabwera patapita milungu iwiri. Mayi wina wa ku Mangalande amene amaitanitsa madiresi anadandaula kwa mchemwali wanga kuti mitengo ya pa webusaiti ikusiyana ndi imene anauzidwa. Ine nditayang'ana ndinaona mitengo yatsopano, ndiye ndinati mwina foni yawo yasunga tsamba lakale, alitsegulenso. Apa ndinaphonya. Intaneti imene ndimagwiritsa ntchito kunyumba imayenda pa IPv4 yokha, choncho ine ndinkafika pa seva yatsopano. Ya mayiwo ili ndi IPv6, ndipo inkawapititsa ku seva yakale. Dzina limodzi, koma anthu akulowa m'nyumba ziwiri zosiyana.

Zomwezi ndi zimene zinapha setifiketi. Domeni ikakhala ndi `AAAA`, a Let's Encrypt amayamba ayesa pa IPv6. Adilesiyo ikakhala chete amabwerera ku IPv4, ndipo ndikanazimitsa seva yakale mwina ndikanapulumuka. Koma inali moyo, ndipo inkayankha. Seva yatsopano inkaika kafayilo kake, iwo n'kukagogoda ku yakale, yakale n'kunena kuti fayilo yotere kulibe. Kuyambira mu Julayi zinkalephera motero tsiku ndi tsiku kwa mwezi wathunthu, pamene loko ankaonekabe chifukwa setifiketi ya mu Meyi inali isanathe. Kale pankabwera imelo yochenjeza setifiketi ikatsala pang'ono kutha, koma a Let's Encrypt analengezeratu kuti asiya kutumiza maimelo amenewo, ndipo anasiyadi mu Juni 2025. Udindo wolondera unali wanga.

M'mawa wina mu Ogasiti mchemwali wanga anaimba foni ali ndi mantha, akuganiza kuti akuba alowa. Anthu ankaona tsamba lowachenjeza kuti malowa si otetezeka, pansi pake pali `NET::ERR_CERT_DATE_INVALID`. Kwa munthu amene akufuna kutumiza ndalama ya diresi la chinkhoswe, mawu amenewo ndi okwanira kumuthawitsa.

Yankho ndinalipeza mu `/var/log/letsencrypt/letsencrypt.log`. Munali mawu akuti `Invalid response from` ndi nambala 404, ndipo pambali pake panalembedwa adilesi imene anakagogodako. Inali ya IPv6 yakale ija. Ndinatsimikiza ndi malamulo awiri awa:

```
dig +short A example.org
dig +short AAAA example.org
```

Loyamba linabweretsa seva yatsopano, lachiwiri yakale. Ndinakonza mzerewo, kenaka ndinadikira kaye. Mzere uliwonse uli ndi `TTL`, imene ndi nthawi yomwe makompyuta ena amaloledwa kusunga yankho lakale asanafunsenso, ndipo yanga inali masekondi 3600, kutanthauza ola limodzi. Ola litakwana `sudo certbot renew` inadutsa nthawi yomweyo. Masiku ano ndikafuna kusamutsa chilichonse ndimatsitsa `TTL` kufika pa 300 dzulo lake, n'kudzaikweza zonse zikakhazikika.

Chimene chimandipweteka n'chakuti lamulo limodzi likanandionetsa zonsezi tsiku lomwe ndinasamuka:

```
sudo certbot renew --dry-run
```

Limayeserera kukonzanso setifiketi popanda kukhudza imene ikugwira ntchito, ndipo limadutsa njira yonse, kuyambira pa DNS mpaka pa poti 80. Tsopano ndimaliyendetsa ndikangogwira DNS, nginx kapena malamulo otsekera mapoti. Za mapoti ndatchula dala: anthu ambiri akaona kuti HTTPS ikuyenda pa poti 443 amatseka 80 poganiza kuti ilibenso ntchito, osadziwa kuti atseka khomo lomwe kafayilo kaja kamawerengedwera. Nawonso amadzadziwa setifiketi itatha.

Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse ndimayang'ananso `sudo certbot certificates`, yomwe imaonetsa masiku otsala. Akakhala ochepera 30 ndimadziwa kuti china chake chatsekeka, ndipo ndimakhala ndi milungu ingapo yochifufuza. Mu Okutobala setifiketi inadzikonza yokha pa seva yatsopano popanda ine kugwirapo.

Kodi ndingamuuze aliyense kuti achite monga ine? Ngati webusaiti yanu ndi masamba chabe opanda zambiri kumbuyo, malo ngati GitHub Pages amakutengerani setifiketi ndi kuikonzanso okha, inu n'kungosamala DNS. Seva yanuyanu ndi ya munthu amene angapeze mphindi zisanu pa mwezi. Ine ndikhalabe pa yangayi chifukwa pali fomu yoitanitsira madiresi. Chimene ndikudikira tsopano ndi Januwale, pamene domeni idzafuna kulipiridwanso. Imeneyo si yaulere, Certbot siingailipire, ndipo khadi yanga yakubanki ikutha mu Disembala, choncho sabata ino ndikupita kukatenga yatsopano.