Sirinji kapena supuni: tizimwetsera chiyani khanda mankhwala amadzi?

Pabotolo la mankhwala amadzi a ana pamalembedwa mlingo wake m'mamililita, monga 2.5 ml kapena 5 ml, koma tikafika kunyumba ambirife timangotenga supuni yomwe ili pafupi. Ndikufuna ndiike ziwiya ziwirizi pambalimbali, supuni ya m'nyumba ndi sirinji yomwetsera mankhwala, ija yopanda singano imene amapereka kuchipatala kapena kugulitsa kufamase. Maganizo anga ndinena poyera: kwa khanda, sirinji ndiyo yoyenera, ndipo supuni ntchito yake ili pena, pamene ndipatchule kutsogoloku.

Vuto loyamba la supuni ndi loti ilibe mlingo wodziwika. Achipatala akanena kuti "supuni yaing'ono imodzi" amatanthauza 5 ml, ndipo supuni yaikulu kwa iwo ndi 15 ml. Koma amene anapanga masupuni omwe timagula pamsika wa Nchalo kapena pa Bangula sankaganiza za mankhwala, ankaganiza za shuga ndi phala. Tengani masupuni atatu a tiyi a m'nyumba zitatu zoyandikana, mudzaze madzi, kenako mukoke madziwo ndi sirinji. Mupeza kuti ina ikungopitirira pang'ono theka la 5 ml, ina ikudutsa ndithu. Komanso supuni imodzi yomweyo simadzaza mofanana tsiku lililonse. Mankhwala a manyuchi ndi okhuthala, amatundumuka pamwamba osatayika, ndiye wina akathira amalekeza m'munsi poopa kutaya, wina amadzaza mpaka kusefukira. Kwa munthu wamkulu kusiyana kumeneku sikuoneka. Kwa mwana wolemera makilogalamu 6 n'kwakukulu.

Tiyeni tiwerengere ndi Panado wamadzi, poti ndi amene amapezeka pafupifupi m'nyumba iliyonse. Wa ana aang'ono kawirikawiri amalembedwa 120 mg/5 ml, kutanthauza kuti mililita imodzi ili ndi mamiligalamu 24. Mlingo wake umayendera kulemera kwa mwana, mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse, ndipo sapitirira kanayi pa tsiku. Mwana wa miyezi inayi amene kusikelo anamupeza ndi makilogalamu 6 angauzidwe kumwa 2.5 ml, omwe ndi mamiligalamu 60. Ndi sirinji mumakoka mpaka pa mzere wa 2.5, basi. Ndi supuni mukufunika theka la supuni yaing'ono, ndipo theka la chinthu chozungulira pansi, chotambalala pamwamba, palibe amene angaliyeze ndi maso. Tsono tiyerekeze kuti mayi ali kudimba, mwana watsala ndi agogo ake, ndipo uthenga omwe anawasiyira ndi wakuti "mum'patse supuni". Agogo atenga supuni yodyera phala, adzaza. Apo mwana wamwa pafupifupi 15 ml, mamiligalamu 360, kuchulukitsa kasanu ndi kamodzi mlingo wake. Agogowo sanalakwe dala, achita zomwe anauzidwa. Choopsa n'chakuti Panado akachuluka amaononga chiwindi mwakachetechete. Tsiku loyamba mwana akhoza kungosanza kapena osaonetsa chilichonse, mavuto enieni n'kudzaonekera patapita masiku awiri kapena atatu. Choncho mukazindikira kuti mwana wamwa wochuluka, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, botolo lili m'manja, osadikira kuti afooke.

Pali chinanso choyenera kuyang'ana pabotolo chomwe ngakhale sirinji singakutetezeni: Panado wina wamadzi amalembedwa 250 mg/5 ml, ndi wa ana okulirapo, ndipo mphamvu yake ndi yoposa kawiri. Muyambe mwawerenga botolo musanakoke.

Pamene supuni imagonjeratu ndi pa mankhwala a Nevirapine, aja amapatsidwa kwa khanda lobadwa kwa mayi yemwe ali ndi kachilombo ka HIV kuti lisatengere. Mlingo wake ndi wochepa zedi: 1.5 ml kamodzi pa tsiku kwa mwana wobadwa ndi sikelo yoposa makilogalamu 2.5, ndi 1 ml kwa wobadwa wochepa kuposa apo, kwa masabata asanu ndi limodzi. Thirani 1.5 ml mu supuni muone. Ndi kadontho kongophimba pansi, moti munthu wachifundo amaona ngati akum'mana mwana, n'kuonjezera. N'chifukwa chake anamwino amapereka mankhwalawa pamodzi ndi sirinji. Masabata asanu ndi limodzi ndi masiku 42, ndipo 1.5 ml tsiku lililonse ikukwana 63 ml. Mukamapereka supuni yodzaza, 5 ml, mankhwala omwewo atha masabata awiri asanakwane. Mwana wamwa mopitirira katatu mlingo wake, kenako watsala wopanda chitetezo masabata anayi akuyamwabe. Kwa mayi wa ku Makhanga kapena midzi ina ya kutsidya kwa Shire, nyengo ya dzinja madzi atadzaza, kubwerera kuchipatala kukatenga botolo lina si ulendo wa lero lomwe. Apa ndipomwe mungadziwirenso ngati mukuyeza bwino: botolo likamatha msanga kuposa masiku omwe munauzidwa, kapena masiku akwana koma mankhwala atsala ambirimbiri, kawafotokozereni anamwino kapena alangizi a zaumoyo, muwaonetse mmene mumayezera.

Kuyeza ndi mbali imodzi chabe. Mbali ina ndi yoti mankhwalawo afike m'mimba. Khanda la miyezi yochepa limadziwa kuyamwa, silidziwa kumwa pa supuni. Chinthu chikakhudza lilime lake, lilimelo limakankhira kunja lokha, ndiye mumaona manyuchi ofiirira akutsika pachibwano, kulowa m'khosi mwa malaya, ena pachitenje. Mayi amapala ndi supuni yomwe ija kubwezera m'kamwa, koma sadziwa kuti alowa angati. Akaonjezera akhoza kupitiriza, akasiya akhoza kuperewera. Ndipo ndaonapo kambiri njira imene anthu amathawirako zikatero: kum'goneka mwana chagada, kum'tsina mphuno kuti atsegule pakamwa, n'kukhuthula. Chonde tisiye zimenezi. Mwana akamalira atagona chagada, mankhwala akhoza kulowera kunjira ya mpweya, n'kutsamwa.

Ndi sirinji mumachita motere. Khutchumulani botolo ngati palembedwa choncho, makamaka Amoxicillin ndi Bactrim omwe amadikha pansi. Ngati sirinji sikufika m'botolo, thirani pang'ono m'kapu yoyera youma. Kankhirani kamtengo ka sirinji mpaka pansi, viikani nsonga, kokani pang'onopang'ono. Mukaona thovu la mpweya mkati, lozetsani nsonga kumwamba, gogodani ndi chala, kankhani pang'ono kuti mpweya utuluke, chifukwa mpweyawo ukutenga malo a mankhwala. Powerenga, kwezani sirinji ifanane ndi maso anu, ndipo muyang'ane m'mphepete mwa kamphira kakuda, mbali imene yakhudza mankhwala, osati kumbuyo kwake. Kenako m'nyamuleni mwana mutu uli m'mwamba ngati mmene mumam'yamwitsira, lowetsani nsonga pakona ya kamwa, iloze mkati mwa tsaya. Kankhani pang'ono, dikirani ameze, kankhaninso. Musalozetse kukhosi, ndipo musapope onse kamodzi, chifukwa sirinji yogwiritsidwa ntchito motero imatsamwitsa kuposa supuni. Ana ambiri amangoyamba kuyamwa nsongayo okha. Mukatha m'patseni bere, kuwawa kuchoke m'kamwa.

Usiku kusiyanaku kumakula. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno ku Chikwawa ndi Nsanje kutentha kumadutsa madigiri 40, mwana wodwala amavuta, thukuta lili kamukamu, ndipo inu muli m'masikito ndi tochi ya foni. Supuni yodzaza imafuna dzanja losanjenjemera ndi mwana wodekha, zinthu ziwiri zimene sizipezeka pa ola limenelo. Kamwendo kamodzi kokha, mankhwala ali pamphasa. Sirinji mukhoza kuyezeratu pamene pali kuwala, kuigwira chopendeka, ngakhale kuiika pambale yoyera kaye mpaka mwana atonthole, osataya kanthu.

Sikuti sirinji ilibe zovuta zake. Choyamba, imasowa. Supuni ili m'nyumba iliyonse, pamene sirinji ikatayika m'mudzi simungaipeze pa okala. Choncho ipempheni pomwe mukulandira mankhwala, ndipo muisunge pamodzi ndi buku la kusikelo. Chachiwiri, manambala ake amafufutika mukamaikwecha, ndipo sirinji yopanda manambala yasanduka supuni. Musaitsuke ndi mchenga kapena phulusa ngati poto. Solorani kamtengo, tsukani zigawo zonse ziwiri ndi sopo ndi madzi owiritsa kapena othira kolorini, muumike pamalo oyera, chifukwa manyuchi otsalira mkati amaitana nyerere ndi ntchentche, ndipo m'nyengo ya kolera madzi a pachitsime chosatetezedwa sayenera kufika m'kamwa mwa khanda. Chachitatu, si aliyense amawerenga manambala. Apa njira ilipo yosavuta: pemphani namwino amate kapepala komata kapena alembe mzere pamalo oyenera, ndipo agogo muziwauza kuti "mukoke mpaka apa". Uthenga umenewu sungamveke pawiri ngati uja wa "supuni". Kumbukirani kokha kuti mwana akakula kapena mankhwala akasintha, mzerewo umasinthanso. Ndipo sirinji imene inabayirapo munthu kapena chiweto isayandikire mwana ngakhale mutaitsuka motani. Ngati yatsopanoyo yabwera ndi kachivindikiro kunsonga, kachotseni kaye, kangathe kugwera kukhosi kwa mwana.

Kakapu koyezera kamene kamabwera pamwamba pa mabotolo ena kali pakatikati. Kamaposa supuni ya m'nyumba, koma pa mlingo wochepera 5 ml mizere yake ndi yothithikana ndipo mankhwala ena amakanirira m'mbali. N'koyenera mwana wamkulu amene amamwa yekha.

Nanga supuni ntchito yake ili pati? Pa Thanzi ORS, mwana akatsegula m'mimba. Pamenepo simukuyeza mililita imodzimodzi, mukufuna kuti madzi azilowa pang'onopang'ono kosalekeza, supuni imodzi mphindi iliyonse kapena ziwiri, ndipo supuni yoyera imagwira bwino ntchitoyi. Chimodzimodzi mapiritsi osungunuka monga Zinc kapena LA wa ana: mlingo uli kale m'piritsi, supuni ikungothandiza kusungunulira m'timadzi toyera kapena mkaka wa m'mawere. Chofunika n'kuonetsetsa kuti zonse zamwedwa, osatsala zoyera pansi pa supuni.

Chomaliza chikukhudza kutentha thupi kumene kumatipangitsa kutsegula botolo la Panado. Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje malungo ndi a chaka chonse, ndipo Panado woyezedwa bwino bwanji amangotsitsa kutentha, sapha tizilombo ta malungo. Mwana akatentha thupi akayezedwe magazi tsiku lomwelo. Ngati sanakwanitse miyezi iwiri, musam'patse mankhwala aliwonse kunyumba pokhapokha achipatala atakuuzani, thamangani naye kuchipatala, ndipo akakulemberani mankhwala amadzi musachoke pawindo musanaonetsedwe mzere wake pa sirinji.