Kudzaza tebulo la nkhani za makampani: mopingasa kapena motsika?

Wophunzira zamalonda akapatsidwa nkhani zingapo za makampani kuti aziyerekeze, tebulo lenilenilo silivuta kujambula. Kampani iliyonse imatenga mzere wake wopingasa, ndipo mizere yotsika imakhala itatu: vuto, chiganizo chimene atsogoleri anapanga, ndi zotsatira. Anthu amasiyana pa kadzazidwe kake. Ena amawerenga nkhani imodzi, n'kudzaza mzere wake wonse, kenako n'kupita pa ina. Ena amayamba awerenga nkhani zonse, kenako amadzaza mavuto a makampani onse asanakhudze ziganizo ndi zotsatira. Tiyerekeze njira ziwirizi pogwiritsa ntchito nkhani zitatu zodziwika bwino: Johnson & Johnson mu 1982, Coca-Cola mu 1985 ndi Netflix mu 2011.

Njira yopingasa ndi yachangu, ndipo imasunga manambala molondola chifukwa nkhaniyo imakhala ikadali patsogolo panu. Mukangomaliza kuwerenga za Johnson & Johnson, mumalemba kuti anthu 7 anamwalira m'dera la Chicago atamwa mankhwala a Tylenol amene munthu wina anaikamo poizoni, kuti kampaniyo inachotsa pamsika mabotolo pafupifupi 31 miliyoni, komanso kuti malonda anadzabwerera mwakale. Palibe chimene mwasokoneza ndi nkhani ina.

Cholakwika chake chimaonekera pa nkhani imene inatha moipa. Munthu amene wangowerenga kumene za Coca-Cola amakhala akudziwa kale kuti chakumwa chatsopano chimene kampaniyo inatulutsa mu Epulo 1985 chinakwiyitsa ogula ambiri, ndipo kuti chakale chinabwezeretsedwa patangotha masiku 79. Ndiye m'kabokosi ka vuto amalemba kuti: "Kampaniyo sinazindikire kuti anthu ankakonda chakumwa chakale." Mawu amenewa akumveka anzeru, koma si vuto limene atsogoleri anali nalo patebulo pawo. Iwo ankaona Pepsi ikuwalanda ogula, ndipo pa mayeso olawa amene anachita pa anthu pafupifupi 200,000 osauzidwa dzina la chakumwa, ambiri anasankha kakomedwe katsopano. Zimene wophunzirayo walemba ndi zotsatira zimene zalowa m'kabokosi kolakwika, ndipo zikatero funso lofunika limatayika, loti zinatheka bwanji anthu okhala ndi umboni wochuluka chotere kusankha chinthu chimene chinawabwerera.

Njira yotsika imatchinga msampha umenewu chifukwa imakukakamizani kufunsa makampani onse funso limodzi. Pa mzere wa vuto, funsolo lingakhale ili: ndani ankayenera kusankha, ankadziwa chiyani pa nthawiyo, ndipo chinkamufulumizitsa n'chiyani? Za Johnson & Johnson mulemba kuti atsogoleri sankadziwa kuchuluka kwa mabotolo okhudzidwa, pomwe tsiku lililonse lochedwa likanatha kuphetsa munthu wina. Za Coca-Cola mulemba za Pepsi ndi mayeso olawa aja. Za Netflix mulemba kuti kampaniyo inkagulitsa pa mtengo umodzi ntchito ziwiri, yotumiza mafilimu pa positi ndi yoonetsa mafilimu pa intaneti, pomwe tsogolo linkaoneka kuti lili pa yachiwiriyo. Mukawerenga mabokosi atatuwa motsatizana, kusiyana kumaonekera kokha: kampani yoyamba inali ndi masiku ochepa ndiponso umboni wochepa, pomwe zinazo zinali ndi nthawi yokwanira ndipo zinasankha zokha tsiku lochitira zinthu. Njira yopingasa siionetsa zimenezi msanga, chifukwa kabokosi kalikonse kamalembedwa motsatira mmene wolemba nkhaniyo anafotokozera.

Pa mzere wa chiganizo njira ziwirizi sizisiyana kwenikweni, bola mulembe chimene chinachitika pamodzi ndi chimene chinakanidwa. Johnson & Johnson ikanatha kuchotsa mabotolo m'dera la Chicago mokha, koma inachotsa m'dziko lonse la Amerika. Ngati simukupeza njira ina imene inalipo, mwina chimene mwalembacho ndi chochitika chabe, osati chiganizo.

Mzere wa zotsatira ndi umene umasiyanitsa kwambiri. Netflix inalekanitsa ntchito ziwiri zija mu Julayi 2011, moti amene ankafuna zonse anayamba kulipira madola 15.98 pamwezi m'malo mwa 9.99. Mu Sepitembala inalengeza kuti ntchito ya pa positi idzakhala payokha pansi pa dzina lakuti Qwikster, koma mu Okutobala inasiya ganizolo, ndipo m'miyezi itatu ya Julayi mpaka Sepitembala inataya makasitomala pafupifupi 800,000 ku Amerika. Wodzaza mopingasa amatha kulemba kuti chiganizocho chinalephera, ngati nkhani imene wapatsidwa ikuthera mu 2011, kapena kuti chinapambana, ngati ikufika zaka zingapo kutsogolo pamene kampaniyo inali itakula kwambiri. Mayankho onsewa ali ndi umboni, koma sangayerekezedwe ndi kampani ina imene mwaiyeza pa nthawi yosiyana. Wodzaza motsika amaona vutoli nthawi yomweyo, ndipo amagawa mzerewo pawiri: zotsatira za m'miyezi itatu yoyambirira, ndi zotsatira patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Pamenepo amaona kuti makampani onse atatu anavulala poyamba n'kudzachira pambuyo, ngakhale kuti imodzi yokha, Johnson & Johnson, ndiyo inasankha dala kuvulalako.

Njira yotsika ili ndi mtengo wake. Nkhani iliyonse mumaibwerera kawiri kapena katatu, ndipo manambala amatha kusokonekera, makamaka nkhani zikapitirira zisanu. Chothandiza ndi kulemba nambala ya tsamba pambali pa mfundo iliyonse pa kuwerenga koyamba. Pali ngozi inanso imene ambiri saiona: funso limodzi lija likhoza kufinya nkhani imene siikugwirizana nalo. Kampani imene inafooka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, popanda tsiku limodzi losankha, siilowa bwino m'kabokosi kofuna chiganizo chimodzi, ndipo ndi bwino kulemba zimenezo poyera kusiyana ndi kupeka chiganizo chimene kunalibe.

Chida cholembera chimatsatira njira imene mwasankha. Tebulo la mu Word, ngakhale la papepala, limakwanira pa njira yopingasa. Njira yotsika imayenda bwino mu Excel kapena Google Sheets, chifukwa mungabise mzere wa zotsatira pamene mukulemba mavuto, ndipo kuwonjezera mzere wina pakati sikusokoneza kanthu. Kumbukirani kuyatsa Wrap Text kuti ziganizo zazitali zioneke zonse m'kabokosi.

Ine ndimaona kuti njira yopingasa ndi yokwanira ngati mukungokonzekera zokambirana za m'kalasi, pamene chofunika ndi kukumbukira nkhani iliyonse payokha. Koma ngati tebulolo ndi maziko a nkhani yolemba kapena lipoti limene liyenera kunena chimene makampaniwo akufanana ndi kusiyana, njira yotsika ndiyo yodalirika. Kaya mwatsata iti, tebulo lomalizidwa liyeseni motere: phimbani mzere wa zotsatira, kenako werengani mavuto okha kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kabokosi kalikonse kamene kali ndi mawu ngati "analephera", "sanazindikire" kapena "ananyalanyaza", kapena kamene kakukuuzani kale mmene nkhaniyo inathera, kalembeninso pogwiritsa ntchito zokhazo zimene atsogoleriwo ankadziwa asanasankhe.