Msika utagwa mawa: njira zitatu zoyesera masheya anu, ndi imene ine ndimaidalira

Kuno ku Kasungu ogula masheya achuluka. Aphunzitsi, amashopu a pa boma, ngakhale alimi a fodya amene apezako bwino, onse ali ndi kenakake pa Malawi Stock Exchange, ndipo popeza mitengo yakhala ikukwera zaka zapitazi, ambiri sanaonepo msika utatembenuka. Funso loti "utagwa mwadzidzidzi, nditsala ndi zingati?" lili ndi njira zitatu zoliyankhira zimene anthu amalimbirana kuti yabwino ndi iti. Ndiziyesa zonse pa munthu mmodzi kuti muone pamene zikusiyanira.

Munthu wathuyo ndi wongoyerekeza. Ali ndi masheya a K5,000,000: K3,500,000 ili m'mabanki awiri, K1,500,000 ili m'kampani ya mafoni. Pa ndalamazi, K3,000,000 ndi zake, K2,000,000 ndi ngongole ya ku SACCO. Mu Novembala akufunika K900,000 ya feteleza, mu Januwale K600,000 ya fizi, ndipo zonsezi akuti adzagulitsako masheya nthawiyo ikakwana.

Njira yoyamba ndi yobwereza zomwe zinachitika kale. Mumatenga kugwa kwenikweni kwa misika ikuluikulu n'kukuika pa ndalama zanu. Pa 19 Okotobala 1987 msika wa ku America unatsika ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi. Mu 2020, matenda a korona atayamba, mlozo wa S&P 500, umene umayesa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku America, unatsika ndi pafupifupi 34 peresenti m'masabata asanu okha. Kuyambira Okotobala 2007 mpaka Malichi 2009 unatsika ndi pafupifupi 57 peresenti, ndipo unadzabwerera pomwe unali mu 2013.

Munthu wathu, pa kugwa kwa 1987 akanaluza K1,130,000. Pa kwa 2020 akanaluza K1,700,000. Pa kwa 2008 akanaluza K2,850,000, n'kutsala ndi masheya a K2,150,000. Apa mpamene ambiri amalekera kuwerengera, koma a SACCO satsitsa ngongole chifukwa choti msika wagwa. Akachotsa K2,000,000 yawo ija, chiwongoladzanja tisanachiwerengere n'komwe, zake zenizeni zatsala K150,000 pa K3,000,000 imene anali nayo. Msika waluza 57 peresenti, iye waluza 95.

Ubwino wa njirayi ndi woti simungatsutsane nayo. Palibe anganene kuti "zimenezo sizingachitike", chifukwa zinachitika. Koma ili ndi bowo. S&P 500 ndi makampani pafupifupi 500, pamene munthu wathu ali ndi atatu, awiri mwa iwo a ntchito imodzi. Mu 2008 mabanki ndiwo anapweteka kuposa ena onse: masheya a Citigroup anatsika kupitirira 90 peresenti pakati pa 2007 ndi 2009, ndipo Lehman Brothers inatheratu mu Seputembala 2008. Ndiye kutenga nambala ya msika wonse n'kuiika pa makampani atatu ndi kudzinyengerera. Chinanso, ku New York wogula amapezeka ngakhale tsiku loipa. Kwathu kuno si choncho.

Njira yachiwiri ndi yodzipangira tsoka lanu, lotengera mmene zinthu zimakhalira kuno. M'malo mofunsa kuti ku America kunachitika zotani, mumalemba zoipa zimene zingabwere pamodzi, chifukwa sizibwera imodziimodzi. Tinene kuti mabanki awiri aja atsika ndi theka, ndiye kuti K1,750,000 yapita. Kampani ya mafoni yatsika ndi 30 peresenti, K450,000 yapita. Zonse pamodzi waluza K2,200,000, watsala ndi K2,800,000 pa pepala.

Ndati pa pepala dala. Mtengo umene mumauona pa lipoti la tsiku ndi umene wina anagulira komaliza, mwina masheya ochepa chabe. Msika wathu ndi waung'ono, makampani ake safika ngakhale 30, ndipo pali masiku amene masheya a kampani ina sagulidwa n'komwe. Pa nthawi ya mantha ogulitsa amaima pa mzere, ogula kulibe. Amene anasungapo soya mpaka nthawi imene mavenda onse adzaza nkhokwe zawo akudziwa: pa katoni ya pa sikelo mtengo ulipo ndithu, koma mukafika ndi matumba anu mumauzidwa kuti ndalama zatha, bwerani mawa. Choncho pa masheya amene mudzakakamizike kugulitsa, chotsaniponso 10 peresenti ina, kuphatikizapo ndalama zolipira kampani yokugulitsirani.

Kenako ikanipo kwacha. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo mu Meyi 2022 inali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti. Feteleza ndi woitanitsa kunja. Zitachitikanso zotere, bajeti ya K900,000 ija ikhoza kufika pafupi ndi K1,300,000. Tsopano munthu wathu akugulitsa masheya otsika mtengo, kwa wogula wosafuna, kuti agule feteleza wokwera mtengo. Njira yoyamba ija siikanamuonetsa zimenezi.

Njira yachiwiriyi ndimaikonda kuposa yoyamba, koma vuto lake ndi loti manambala mumasankha nokha, ndipo munthu sadziweruza molimba. Zotsatira zikatuluka zoopsa, dzanja limayabwa kufufuta 50 n'kulembapo 25, kenako n'kupuma kuti "ayi, zili bwino". Chizindikiro choti mwadzinamiza n'chosavuta: ngati tsoka lanu lopeka lili lochepa kuposa zomwe zinachitika mu 2020, simunayese kalikonse.

Njira yachitatu imayambira kumapeto. Simufunsa kuti msika ungagwe motani, mumafunsa kuti ndi kuluza kochuluka bwanji kumene kungandithyole msana, kenako n'kuwerengera chobwerera. Lembani zonse zimene muyenera kulipira m'miyezi 12 ikubwerayi kuchokera pa ndalama zimenezi, zivute zitani. Munthu wathu ali ndi ngongole ya K2,000,000, feteleza wa K900,000 ndi fizi ya K600,000. Zonse ndi K3,500,000. Kuchotsera pa K5,000,000, kwatsala K1,500,000. Imeneyi ndiye ndalama imene angaluze popanda mwana kubwezedwa kusukulu kapena munda kugona wosathira. Ndi 30 peresenti ya masheya ake.

Bwererani nayo nambala imeneyi ku njira ziwiri zija. Kugwa kwa tsiku limodzi kwa 1987 akanapulumuka. Kwa 2020 ayi, kwa 2008 ayi, tsoka lodzipangira lija ayi. Ndiye kuti mmene wayalira ndalama zakemu, pa mayeso anayi walephera atatu.

Chimene chimapangitsa njirayi kupambana zinzake n'choti imakuuzani chochita, osati kungokuopsezani. Gawani ndalama imene mungathe kuluza ndi kukula kwa kugwa kumene mukufuna kupirira:

```
1,500,000 / 0.5 = 3,000,000
1,500,000 / 0.6 = 2,500,000
```

Ngati akufuna kupirira msika utatsika ndi theka, masheya ake asapitirire K3,000,000. Ngati akukonzekera zonga za 2008, asapitirire K2,500,000. Zotsalazo agulitse lero ogula akadalipo, ndipo choyamba kubweza ndi ngongole, chifukwa ndi imene inasandutsa 57 kukhala 95. Ine ndikanamuuza apitirire pang'ono: ya feteleza aichotseretu yonse, ngakhale kugula matumbawo msanga n'kuwasunga pouma, chifukwa mvula siidikira kuti wogula masheya apezeke. Akatero m'masheya mutsala K2,100,000.

Zimenezi zili ndi mtengo wake, tisabisane. Msika ukapanda kugwa, n'kukwera ndi 40 peresenti chaka chimenecho, K2,900,000 imene waichotsayo ikanamubweretsera K1,160,000, kupatula chiwongoladzanja chimene wapewa. Anzake adzamuseka pa bawo, ndipo mwina adzamuseka zaka ziwiri zotsatizana. Palibe kuyesa kumene kungamuuze chaka chimene msika udzagwe. Kumangomuuza ngati adzakhale ataima kapena atagwa chakacho chikadzafika.

Alipo amene amati kuwerengera konseku n'kutaya nthawi chifukwa iwo amaika `Stop Loss`, makamaka achinyamata ochita malonda a ndalama zakunja pa foni. `Stop Loss` ndi lamulo loti agulitse mtengo ukafika pakutipakuti, koma silonjeza kuti mtengowo muupeza. Pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya ku Switzerland inachotsa mwadzidzidzi malire a 1.20 amene inaika pakati pa yuro ndi ndalama yake, ndipo m'mphindi zochepa yuro inatsika ndi pafupifupi 30 peresenti. Mtengo unalumpha, sunatsike pang'onopang'ono. Malamulo ogulitsa anakwaniritsidwa kutali ndi pomwe anaikidwa, ndipo anthu ena anatsala ndi ngongole kuposa ndalama zimene anaika. Pa `1:100`, kutanthauza kuti pa K1 yanu iliyonse mukuchita malonda a K100, kusuntha kwa 1 peresenti kokha kumatha kudya ndalama yonse imene munaika pa malondawo. Ngati muyesa njira yanu ya pa foni, iyeseni ngati kuti `Stop Loss` palibe, ndipo mufunse kuti mtengo utalumpha ndi 10 peresenti usiku muli mtulo, mu akaunti mutsala chiyani.

Pomaliza pali malire achiwiri amene kakyuleta sangawapeze, a mtima. Thumba likhoza kupirira K1,500,000 koma mwini wake n'kusowa tulo pa K700,000, n'kugulitsa zonse pa mtengo wapansi penipeni. Kubwerera n'kovuta kuposa kugwa: woluza 30 peresenti amafunika kupindula 43 kuti afike pomwe anali, woluza theka amafunika 100. Pofuna kudziwa malire amenewa musagwiritse ntchito maperesenti, chifukwa "30 peresenti" siipweteka m'khutu. Itchuleni m'makwacha, kwa mayi a kunyumba kapena bambo a kunyumba, maso ndi maso: "Mayi a ana, pa ndalama zija pakhoza kupita K1,500,000, ndipo mwina tidikira zaka zisanu kuti ibwerere." Akayankha kuti zoposa K1,000,000 sangazimve, nambala yogwiritsa ntchito ndi yaing'onoyo, ndipo K1,000,000 kugawa ndi 0.5 ikupereka masheya osapitirira K2,000,000.

Muziwerengeranso masheya akakwera kwambiri, osati akatsika pokha. K2,000,000 ikakula n'kufika K4,000,000, kugwa kwa theka sikulinso K1,000,000 imene munagwirizana pakhomo ija, ndi K2,000,000, ndipo pamenepo pofunika kusankha: kugulitsako, kapena kukhalanso pansi n'kugwirizana nambala yatsopano.